Nambala yomwe imauza kompyuta zoti itaye pa kanema

Wojambula kanema wa ukwati akabwerera kunyumba phwando litatha, ntchito yambiri imakhala ikumudikira. Amadula, kulumikiza, kuikamo nyimbo, ndipo pomaliza amatsala ndi fayilo yaikulu yoti singakwane pa fulashi ya eni ukwati, osanenanso zoitumiza pa foni kwa m'bale amene ali ku Joni. Ayenera kuichepetsa. Akatsegula pulogalamu yochepetsera kanema amakumana ndi kabokosi kofuna nambala imodzi. Mu FFmpeg nambalayo imatchedwa `crf`, mu HandBrake imalembedwa RF, ndipo dzina lake lonse ndi Constant Rate Factor. Ambiri amasiya nambala yomwe aipeza, ena amalemba yomwe anamva kwa mnzawo. Zotsatira zake n'zodziwika: mwina fayilo imatuluka yolemerabe, mwina nkhope ya mkwatibwi imaoneka ngati yopakidwa dongo.

Nambalayi ili ndi tanthauzo lomveka, ndipo kuisankha bwino n'kotheka kwa aliyense amene ali ndi mphindi makumi awiri zoyesera.

Poyamba m'pofunika kudziwa kukula kwa katundu amene akuchepetsedwayo. Chithunzi chimodzi cha kanema wa 1080p chimakhala ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, kutanthauza timadontho toposa 2 miliyoni. Chikasungidwa chosaphwanyidwa, m'njira yomwe makanema ambiri amasungira mitundu, chimadya pafupifupi megabaiti zitatu. Kamera ikamajambula zithunzi 25 pa sekondi, ndiye kuti sekondi iliyonse ikudya megabaiti pafupifupi 78, ndipo ola limodzi likufika pa magigabaiti 280. Palibe amene amatumiza kapena kugawa kanema wotere. Kanema aliyense amene munthu amaonera pa foni kapena pa tivi anatayidwapo kale zinthu zambirimbiri, ndipo luso lonse lagona pa kutaya zimene diso silingazindikire kuti zachoka.

Njira yofala kwambiri yosungira kanema ndi H.264, yomwe inavomerezedwa mu 2003 ndipo pafupifupi foni ndi tivi iliyonse ya masiku ano imaiwerenga. Pulogalamu yotchuka yopangira kanema wa mtunduwu ndi x264, yaulere, yomwe anaiyamba ndi Laurent Aimar, kenako Loren Merritt ndi Fiona Glaser n'kuikulitsa pansi pa bungwe la VideoLAN, lomwenso limapanga VLC. Munthu akamagwiritsa ntchito HandBrake kapena FFmpeg kupanga fayilo ya MP4, nthawi zambiri yomwe ikugwira ntchito m'katimo ndi x264 yomweyi.

Pali njira ziwiri zoilamulira. Yoyamba ndi kuiuza kuchuluka kwa malo oti idye, monga kunena kuti sekondi iliyonse itenge mwakuti. Yachiwiri, yomwe ndi ya CRF, ndi kuiuza mlingo wa maonekedwe umene mwini kanema akufuna, n'kuisiya kuti idzionere yokha malo ofunika kuti mlingowo usatsike. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mayi amene wauza telala kuti nsalu ndi mamita anayi basi, asoke mmene angathere, ndi mayi wina amene wanena kuti akufuna diresi lofika kumapazi, nsalu idyeke mmene ingadyekere. Wachiwiriyu amadziwa zimene adzavale koma sadziwa mtengo mpaka telala atamaliza. CRF ili choncho: siilonjeza kukula kwa fayilo. Apa m'pamene ambiri amasokonezekera, chifukwa amayembekeza kuti nambala yomwe inatulutsa gigabaiti imodzi sabata yatha itulutsanso imodzi lero.

Nambalazi zimayambira pa 0 kufika pa 51, ndipo zimayenda chobwerera. Nambala yaing'ono ndiye kanema wooneka bwino ndi fayilo yaikulu, pamene nambala yaikulu ndiye kanema wowonongeka ndi fayilo yaing'ono. Pa 0 palibe chimene chimatayidwa, koma fayilo imakula moopsa ndipo ma tivi ambiri amaikana. Pa 51 zinthu zimangooneka timabokosi tokhatokha. Munthu akapanda kulemba kanthu, x264 imatenga 23. Ntchito pafupifupi yonse ya tsiku ndi tsiku imachitikira pakati pa 17 ndi 28: cha pa 17 kapena 18 anthu ambiri satha kusiyanitsa kanema watsopano ndi woyamba, ndipo kupitirira 28 kuwonongeka kumayamba kuonekera ngakhale kwa munthu amene sakufufuza.

Pali kalamulo kamodzi koyenera kukasunga pamtima. Kuwonjezera 6 pa nambala kumadula fayilo pafupifupi pakati, ndipo kuchotsa 6 kumaichulukitsa kawiri. Kanema amene watuluka megabaiti 800 pa 23 adzakhala cha m'ma 400 pa 29, ndi cha m'ma 1,600 pa 17. Zimenezi zimachokera m'kapangidwe ka H.264, momwe muyezo wozungulizira manambala a chithunzi umakula kawiri pa masitepe asanu ndi limodzi aliwonse. Kalamuloka sikagwira ndendende pa kanema aliyense, koma kamathandiza kuwerengera. Kamatanthauzanso kuti sitepe imodzi yokha imasintha fayilo ndi gawo loposa pang'ono limodzi mwa magawo khumi. Choncho kuchoka pa 23 kupita pa 18, kumene kumaoneka ngati kusuntha pang'ono, kumawonjezera fayilo ndi magawo atatu mwa anayi, ndipo malo onsewo amagulidwa ndi bandulo kapena fulashi ya munthu wina.

Chimene chimapangitsa CRF kukhala yanzeru ndi mmene imagawira malo m'kati mwa kanema mmodzi. Diso la munthu limaona bwino kwambiri zinthu zimene zaima. M'busa akaima pa guwa n'kumalalikira kwa mphindi khumi, woonera amakhala ndi nthawi yoona mzere wa kolala, makwinya a pamphumi, ngakhale zilembo za pa nsalu yakumbuyo. Koma anthu akadzuka kuvina pa perekaniperekani, ndalama zikuuluka, zitenje zikuzungulira, kamera nayo ikugwedezeka, diso limatsatira kayendedwe ndipo silikhala ndi mpata woyang'anitsitsa duwa lililonse la pa chitenje. x264 imapezerapo mwayi. Pa malo ovuta ndi othamanga imataya zambiri, pa malo odekha imataya zochepa. Ilinso ndi njira yoyang'ana kutsogolo kuti ione mbali za chithunzi zimene zikhalitse osasintha, monga khoma la tchalitchi, n'kuzisunga mosamala chifukwa zithunzi zambiri zotsatira zidzakopera pomwepo. Ngakhale ikutaya zambiri pa kuvina, gawo limenelo limadyabe malo ochuluka kuposa ulaliki, chifukwa chithunzi chilichonse chimakhala ndi zatsopano zofunika kulemba.

N'chifukwa chake makanema awiri otalika mofanana, opangidwa pa nambala imodzi, amatha kusiyana kukula katatu kapena kuposa. Madzi a m'nyanja akuwinduka, masamba akugwedezeka ndi mphepo, fumbi, utsi, udzu wa pa bwalo la mpira kamera ikuthamanga, zonsezi n'zodula. Munthu wokhala pa mpando kutsogolo kwa khoma loyera ndi wotchipa.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize kuona mmene ntchitoyi imayendera. Wojambula wina wamaliza kukonza kanema wa ukwati wa maola awiri, wa 1080p. Mwa mphindi 120 zimenezo, mphindi 70 ndi za mwambo wa m'tchalitchi ndi zolankhula, ndipo mphindi 50 ndi za kuvina ku holo. Eni ukwati abweretsa fulashi yoti akailumikize ku tivi ya makolo. Fulashi zambiri zazing'ono zimabwera zitakonzedwa m'njira ya FAT32, yomwe ma tivi akale amaiwerenga mosavuta, koma njirayi ili ndi malire ake: fayilo imodzi singapitirire magigabaiti anayi, omwe pa kuwerenga kwa megabaiti wamba ndi pafupifupi 4,290. Ngakhale fulashi itakhala ndi malo ambiri otsala, fayilo yoposa pamenepo imakanidwa.

Kuchepetsa kanema yense kungatenge maola angapo pa laputopu wamba, ndiye sikwanzeru kuyamba ndi yenseyo. Wojambulayo amadula mphindi imodzi ya pa ulaliki ndi mphindi imodzi ya pamene kuvina kwafika pachimake. Lamulo lake mu FFmpeg limaoneka chonchi:

```
ffmpeg -ss 01:25:00 -i ukwati.mov -t 60 -c:v libx264 -crf 23 -preset slow -an mayeso23.mp4
```

Mawu a `-ss` akusonyeza poyambira, `-t 60` akutanthauza masekondi 60, ndipo `-an` akuchotsa mawu kuti kukula komwe kutuluke kukhale kwa zithunzi zokha. Tinene kuti mphindi ya ulaliki yatuluka megabaiti 20, ya kuvina yatuluka 62. Masamu ake ndi a ku pulayimale: 70 kuchulukitsa ndi 20 ndi 1,400, 50 kuchulukitsa ndi 62 ndi 3,100, zonse pamodzi 4,500. Pamenepo awonjezere mawu, omwe CRF siiwakhudza n'komwe. Mawu osungidwa pa `128k` kwa maola awiri amadya megabaiti 115. Fayilo ya pa 23 ikhala cha m'ma 4,600, ndipo pa fulashi ija singalowe.

Akanayesa ulaliki wokha, akanaganiza kuti kanema yense akhala megabaiti 2,400 n'kusiya kompyuta ikugwira ntchito usiku wonse, n'kudzadzidzimuka m'mawa. Ichi ndicho cholakwa chofala kwambiri pa kuyesa: kudula mphindi yoyambirira ya kanema, yomwe nthawi zambiri imakhala mayina a akwati pa chithunzi choima.

Tsopano kalamulo ka masitepe kamagwira ntchito. Pa 24, zithunzi zitsika kufika cha m'ma 4,000, ndipo ndi mawu omwe zikhala 4,120. Izi zili pansi pa malire, koma mpata wake ndi wochepa kwambiri poti mawerengedwewa achokera pa mphindi ziwiri zokha. Pa 25 zithunzi zikhala cha m'ma 3,570, ndi mawu 3,690, ndipo mpata ulipo wokwanira. Funso lotsala ndi loti kodi 25 ikuoneka bwino mokwanira. Masamu sangayankhe funso limeneli. Wojambulayo ayenera kupanganso timayeso take pa 25, kutiika pa fulashi, n'kutionera pa tivi, atakhala pa mtunda umene anthu amakhala pa balaza.

Kuonera kumeneku kuli ndi malo ake oyang'ana. Choyamba kutha nambala ikamakwera ndi tinthu tating'ono tosalala: khungu limataya timabowo take n'kuoneka ngati pulasitiki, tsitsi lolukidwa limasanduka chigamba chakuda, nsalu yopyapyala ya kumutu kwa mkwatibwi imasungunuka. Kenako m'mbali mwa zilembo ndi m'mphepete mwa zinthu zakuthwa mumayamba kuoneka tinthu tonjenjemera ngati udzudzu. Pa malo amene mtundu umasintha pang'onopang'ono, monga thambo la madzulo kapena khoma lowalitsidwa ndi babu limodzi, pamaoneka mizeremizere ngati masitepe m'malo mwa kusalala. Timabokosi todziwika bwino tija timabwera pomaliza, makamaka pamene kamera yatembenuka mofulumira kapena magetsi a disiko akuthwanima.

Pali msampha pamenepa. Munthu akaimitsa kanema pakati pa kuvina n'kukulitsa chithunzi, adzapeza zolakwika ngakhale pa 18, chifukwa x264 inataya dala zinthuzo podziwa kuti chithunzicho chidzaoneka kwa kachigawo kochepa ka sekondi. Oonera ukwati saimitsa kanema kuti awerenge timadontho. Kanema ayenera kuweruzidwa akuyenda. Komanso kuonera pa kawindo kakang'ono ka pa laputopu kumabisa zambiri zomwe tivi yaikulu idzaulula.

Mdima ndi nkhani yofunika kuikhalira pansi, chifukwa maphwando ambiri amatha dzuwa litalowa ndipo maholo ambiri alibe magetsi okwanira kamera. Kuwala kukachepa, kamera imadzikakamiza kuona, ndipo chithunzi chimadzaza ndi timadontho tothwanimathwanima ngati mchenga. Kwa x264 mchenga umenewu ndi zinthu zatsopano pa chithunzi chilichonse, ndipo imawononga malo ambiri poyesa kuusunga. Choncho gawo loipa kwambiri la kanema limatha kukhala lodula kuposa onse. Mwini kanema akakweza nambala kuti fayilo ichepe, mchengawo umasanduka zigamba zoyandama pa masuti akuda ndi m'makona a holo, zomwe zimaoneka moipa kuposa mchenga weniweniwo. Mankhwala ake si kusintha CRF kokha. Kusefa mchengawo pang'ono kanema asanachepetsedwe, pogwiritsa ntchito sefa ya `hqdn3d` yomwe ili mu FFmpeg ndi HandBrake momwe, kumatsitsa fayilo popanda kukweza nambala. Kusefa kwambiri nako kumafafaniza nkhope, ndiye dzanja liyenera kupepuka. Palinso `aq-mode=3`, yomwe imauza x264 kuti ipereke malo owonjezera ku mbali zamdima. Wojambula wa m'chitsanzo chija akanachita bwino kudula kamayeso kachitatu ka madzulo, chifukwa kumeneko n'kumene 25 ingayambe kulephera pamene masana ikuoneka bwinobwino.

Akakhutira, lamulo la kanema yense ndi ili:

```
ffmpeg -i ukwati.mov -c:v libx264 -crf 25 -preset slow -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 128k ukwati.mp4
```

Mawu a `-pix_fmt yuv420p` ndi oteteza: makamera ena ndi mapulogalamu okonzera kanema amasunga mitundu m'njira yolemera imene ma tivi ndi mafoni ambiri sawerenga, ndipo popanda mawuwa fayilo imatha kuseweredwa bwino pa kompyuta koma n'kukanika kunyumba kwa eni ake.

Mawu a `-preset` nawo anthu amawasokoneza ndi CRF. Iwo amanena za khama limene kompyuta iike pofufuza njira yosungira chithunzi m'malo ochepa, kuyambira `ultrafast` mpaka `veryslow`, ndipo yapakati ndi `medium`. Kupita pang'onopang'ono kumapereka maonekedwe abwino pa malo omwewo, koma phindu lake limanka lichepa pamene nthawi ikuwirikiza. Kuchoka pa `ultrafast` kufika pa `medium` kusiyana n'kwakukulu. Kuchoka pa `slow` kufika pa `veryslow` n'kochepa, ndipo kwa munthu amene magetsi angamuthimire ntchito ili pakati, maola owonjezerawo ndi chiopsezo chenicheni. Chofunika n'chakuti mayeso ndi ntchito yomaliza zichitike pa `preset` imodzi, apo ayi masamu aja sagwiranso.

Nanga m'bale wa ku Joni uja, amene adzaonere pa foni? Kwa iye fayilo ya megabaiti 3,690 ndi chilango. Chiyeso chimakhala chokweza nambala kufika pa 35, koma zotsatira zake zimakhala zonyansa. Njira yabwino ndi kuchepetsa kaye kukula kwa chithunzi. Kanema wa 720p ali ndi timadontho 921,600, osakwana theka la timadontho ta 1080p, ndipo pa galasi la foni kusiyanako sikuoneka kwenikweni. Kuwonjezera `-vf scale=-2:720` pa lamulo lija n'kuika nambala cha pa 25 kapena 26 kumapereka kanema woyera amene fayilo yake yatsika kwambiri. Timadontho tochepa tosungidwa bwino timasangalatsa diso kuposa tambiri tophwanyika. Malangizo a HandBrake amasonyezanso kuti nambala yoyenera imayenda ndi kukula kwa chithunzi: 18 mpaka 22 pa makanema aang'ono ngati a DVD, 19 mpaka 23 pa 720p, 20 mpaka 24 pa 1080p, ndi 22 mpaka 28 pa 4K. Chithunzi chaching'ono chikatambasulidwa pa tivi yaikulu zolakwika zake zimakula nacho, n'chifukwa chake chimafuna nambala yotsika. Malangizowa ndi a munthu wofuna kusunga kanema wabwino. Wotumiza pa bandulo yochepa akhoza kukwera pang'ono akudziwa chimene akusinthanitsa.

Kumene kanema akupita kumasinthanso nkhani. YouTube ndi Facebook zimachepetsanso kanema aliyense amene zalandira, ndipo WhatsApp imachita chimodzimodzi pokhapokha fayilo itatumizidwa ngati chikalata. Kuchepetsa kulikonse kumataya zina, ndipo zotayika sizibwerera. Kanema wopita ku YouTube ndi bwino achoke ali pa 18 kapena 20, ngati intaneti ikulola, kuti makina akumeneko ayambire pa chinthu choyera. Pa chifukwa chomwechi, kutenga kanema amene wazungulira kale m'magulu a WhatsApp n'kumupanga pa 16 sikumukonza. Kumangosunga mosamala timabokosi tomwe analipo kale, m'fayilo yaikulu kuposa yoyamba. Ndipo wojambula amene akufuna mafayilo awiri, ya tivi ndi ya foni, apange iliyonse kuchokera ku kanema woyamba, osati ya foni kuchokera ku ya tivi.

Nambala za x264 sizisamukira ku mapulogalamu ena. Mnzake x265, wopanga kanema wa H.265, amayambira pa 28, ndipo 28 yakeyo cholinga chake n'kuoneka pafupifupi ngati 23 ya x264 m'fayilo yocheperapo, ngakhale amatenga nthawi yaitali ndipo ma tivi akale samuwerenga. Mapulogalamu a AV1 ali ndi sikelo yawoyawo yofika pa 63. Munthu amene wamva kuti 30 ndi yabwino ayenera kufunsa kuti ndi 30 ya pulogalamu iti.

Pali nthawi zina pamene CRF si chida choyenera. Ngati malire a fayilo ndi okhwima, monga mpikisano kapena ofesi yomwe yanena kuti kanema asapitirire mwakuti, kuyerekeza ndi timayeso kumatha kuphonya. Zikatero njira yodutsa kawiri ndiyo imathandiza: pulogalamu imaonera kanema yense ulendo woyamba kuti idziwe malo ovuta, ulendo wachiwiri n'kugawa malo amene yapatsidwa. Wojambula uja akanafuna kutsimikiza kuti fayilo isapitirire megabaiti 3,800, akanachulukitsa 3,800 ndi 8, n'kugawa ndi masekondi 7,200 a m'maola awiri. Yankho ndi pafupifupi 4.2, ndipo atachotsapo gawo la mawu ndi kampata pang'ono akanalemba `-b:v 4000k`. Pa kukula kofanana, njira ziwirizi zimatulutsa maonekedwe ofanana ndithu, chifukwa nzeru yogawira malo ndi imodzi. Kusiyana n'kwakuti yodutsa kawiri imadya nthawi yochulukirapo koma kukula kwa fayilo kumadziwika ntchito isanayambe.

Wojambula amene amagwiritsa ntchito kamera imodzi m'maholo ofanana safunika kubwereza mayeso onsewa sabata iliyonse. Akalemba m'kope kuti pa kamera yake mphindi ya masana imadya mwakuti pa 23, ya madzulo mwakuti, pakatha maukwati atatu kapena anayi amakhala ndi tebulo lakelake lodalirika kuposa nambala iliyonse yomwe angamve kwa ena. Amayesanso pokhapokha akasintha kamera, akajambula panja mvula ikugwa, kapena eni ntchito akanena kuti kanemayo akaonetsedwa pa khoma ndi pulojekita.